Mahediseti a waya kapena a bulututhi pa gemu yowomberana: phokoso limachedwera pati?

Tinatsala awiri m'nyumba ina yosanja, ine pamwamba mdani pansi, gulu langa lonse litagona kale. Ndinagwada pakona ya masitepe mfuti ili chire, makutu tcheru, ndikumva mapazi ake akukwera, gu gu gu, ndipo khutu linkandiuza kuti munthuyu akadali pakati pa masitepe. Ndiye ndimati ndidikire pang'ono afike pabwino. Kuphethira kamodzi basi munthu uja ali pamaso panga, zipolopolo zalowa kale, ndipo phokoso la phazi lake lomaliza ndinalimva ine nditagwa. Ndinatukwana netiweki usiku umenewo koma ping inali bwinobwino, yobiriwira. Amene anandipereka ndi timahediseti tanga ta bulututhi tomwe ndinkatinyadira tija.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Ping ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu ndi kubwerako, imeneyo ndi nkhani ya netiweki. Kuchedwa kwa phokoso ndi kwina, kumachitika gemu itadziwa kale kuti mdani waponda apa, yajambula kale pa sikirini, koma phokosolo likadali pa ulendo wochoka mufoni kupita m'khutu mwanu. Ping ikhoza kukhala 30 ms inu n'kumamvabe zinthu mochedwa, ndipo nambala imeneyo gemu sikuonetsani paliponse.

ms ija ndi milisekondi, sekondi imodzi muli 1000. Mahediseti wamba a bulututhi amachedwetsa phokoso ndi pakati pa 150 ndi 250 ms, ena kupitirira apo. Kungoimva nambalayo imaoneka ngati yachibwana, sekondi kuigawa kasanu n'kutengapo gawo limodzi, ndani angaione? Koma taikani mu gemu. Ngati ikuyenda pa 60 fps, zithunzi 60 pa sekondi, ndiye kuti chithunzi chilichonse chimakhala 16.7 ms, ndiye 200 ms ndi zithunzi 12 zomwe maso aona khutu lisanamve kanthu. Mfuti yotulutsa zipolopolo 10 pa sekondi yakulasani kale kawiri musanamve kulira kwake koyamba. Munthu wothamanga mamita 5 pa sekondi wasuntha mita yathunthu, ndipo mita imodzi pa masitepe ndi yomwe inandipha ine ija. Kapena tinene chonchi, phokoso mumpweya limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuchedwa kwa 200 ms kuli ngati foni yomwe ili m'manja mwanu mukuimvera mutaima mamita pafupifupi 70 kutali.

Ena amati vuto ndi loti phokoso likuuluka mumpweya m'malo moyenda pa waya. Ayi ndithu. Mafunde a wailesi amathamanga pa liwiro la kuwala, kuchoka m'manja kufika kukhutu palibe n'chowerenga chomwe. Nthawi imathera pa kulongedza ndi kumasula. Bulututhi njira yake ndi yopapatiza, ndiye foni imayamba yasonkhanitsa kachidutswa ka phokoso, n'kukapanikiza kuti kachepe, ntchito imeneyi imagwiridwa ndi chomwe amati kodeki, monga SBC kapena AAC. Kenako imatumiza m'timapaketi. Paketi ina ikatayika panjira imatumizidwanso. Ndiye kuti nyimbo isamadukeduke, kahediseti sikaimba paketi ikangofika, kamayamba kaunjika angapo pambali ngati nkhokwe kenako n'kumatapa pang'onopang'ono. Nkhokwe imeneyi ndiye mwini wake wa kuchedwaku. Ikakula phokoso limayenda mosalala koma mochedwa, ikachepa limafulumira koma kungodutsitsa dzanja pakati limayamba kuthethetsa. Onjezerani kuti timahediseti topanda chingwe ndi tiwiri tosiyana, kakumanja ndi kakumanzere, timayenera kudikirana kuti tiimbe nthawi imodzi.

Mwina mukuti koma ine ndimaonera mavidiyo ndi omwewa, milomo ndi mawu zimagwirizana bwinobwino. Eya zimagwirizana chifukwa pulogalamu ya vidiyo imachita chinyengo chabwino, imachedwetsa dala chithunzi kuti chidikire mawu, ndipo inu simudziwa kanthu poti filimu inajambulidwa kale, kaya iyambe mochedwa pang'ono palibe waluza. Gemu singachite zimenezo. Phokoso la mfuti yanu kulibe mpaka mutadina, ndipo gemu itati ichedwetse chithunzi kuti idikire khutu ndiye mwafa kawiri. Magemu a nyimbo aja odina motsatira kamvekedwe amakhala ndi pokonzera kuchedwaku chifukwa nyimbo imadziwika kale komwe ikupita, koma mdani pa PUBG Mobile, Free Fire kapena Call of Duty Mobile sauza munthu kuti ndiponda liti.

Chinthu chomwe chinanditengera nthawi kuti ndichizindikire n'chakuti kuchedwaku sikupweteka mofanana paliponse. Galimoto ikubwera kutali, kapena mfuti zikulira kuphiri uko, 200 ms palibe chomwe yasintha, mumva ndithu n'kukonzeka. Pomwe imaluma ndi pafupi, m'nyumba, pakona, komanso makamaka potembenuka. Mwamva phazi kumanzere, mwayamba kuzungulitsa kamera, gemu ikusuntha phokosolo kuchoka kumanzere kubwera pakati pamene mukutembenuka, koma khutu lanu likumva za kumbuyo, likukuuzanibe kuti ali kumanzere inu mutamuyang'ana kale. Ndiye mumapitirira, n'kubwereranso, kamera kumangoyendayenda ngati munthu wofunafuna udzudzu mumdima. Ndinkadziona ngati chala changa n'chosakhazikika, mpaka kusinthasintha sensitivity kambirimbiri, osadziwa kuti ndikuthamangitsa mthunzi wa phokoso.

Tiyambe ndi waya wamba, wa kapulagi kozungulira ka 3.5 mm. Apa foni imasandutsa yokha phokoso kukhala magetsi n'kuwakankhira mu chingwe, palibe kupanikiza, palibe paketi, palibe nkhokwe ya m'khutu. Chingwecho sichiwonjezera kuchedwa komwe munthu angamve. Sikuti zonse zili pa 0 ayi, foni payokha ndi gemu zimadya mamilisekondi makumi angapo pokonza phokoso, ndipo mafoni amasiyana pamenepa, koma imeneyo mumalipira ngakhale pa sipika, ngakhale pa bulututhi. Ndiye waya ndiye pansi penipeni, palibe njira ina yomwe ingafulumire kuposa apa pa foni yomweyo. Ndipo chosangalatsa n'chakuti pa nkhani ya liwiro mahediseti a waya otchipa ndi odula ali chimodzimodzi. Odulawo angamveke bwino, koma safika msanga.

Mavuto a waya ndi a m'manja. Foni mwaigoneka chammbali, kabowo kali pomwe chikhatho chimagwira, pulagi yowongoka ikukubayani ndipo mukuipinda tsiku ndi tsiku mpaka khutu limodzi lizime. Pezani ya pulagi yokhota ngati L, imagona m'mbali mwa foni ndipo imakhalitsa. Khutu limodzi likayamba kuzimazima mukagwedeza chingwe pafupi ndi pulagi, dziwani kuti waya waduka mkati, ndipo pa gemu zimenezo n'zoipa kuposa kuchedwa chifukwa mbali imodzi mwagontha. Nthawi zina si chingwe koma ndi fumbi ndi ulusi wa m'thumba zomwe zadzaza m'kabowo, pulagi siikufika pansi. Komanso mukamasewera foni ili pa chaja mutha kumva kaphokoso kakuti ziii m'makutu, kameneko kamachokera ku chaja, chotsani muone ngati kasiya.

Nanga foni yopanda kabowo? Chiyambire pomwe iPhone 7 inatuluka yopanda kabowoka mu 2016 makampani ambiri anatsatira, ndiye apa mumalowera pa USB-C, kaya ndi mahediseti a pulagi imeneyo kapena kaadaputa kolumikizira akale aja. Kuchedwa komwe kaadaputa kamawonjezera n'kochepa kwambiri, pa gemu muziwerenga ngati waya basi. Msampha uli pogula. Tiadaputa tilipo ta mitundu iwiri, tina tili ndi kachipu mkati kotchedwa DAC komwe kamasandutsa phokoso, tina ndi waya chabe todalira kuti foni itulutsa yokha phokosolo pa USB-C. Mafoni ambiri satero, ndiye mukalowetsa kopanda kachipu kuli zii, kapena foni imalemba kuti chipangizochi sichikugwirizana nayo. Tengani kokhala ndi DAC, kamagwira pafupifupi paliponse. Vuto lina n'lakuti bowo la chaja mwalitseka, batire ikamatha pakati pa gemu muyenera kusankha. Tilipo tiadaputa ta pawiri, chaja uku mahediseti uku, koma totchipa timakonda kulowetsa kaphokoso ka ziii kaja, ndiye yesani musanakhulupirire.

Tsopano bulututhi wamba, popanda chilichonse chapadera. Pa nyimbo, poyenda, pa gemu ya makhadi kapena yomanga midzi, palibe chodandaula, ine ndimagwiritsabe ntchito. Pa gemu yowomberana ndiye ayi. Ndipo musapusitsidwe ndi nambala ya pabokosi, Bluetooth 5.0, 5.3, nambala imeneyo payokha siichepetsa kuchedwa ngati phokoso likudutsabe njira yakale ndi kodeki yakale. Chimodzimodzi mtengo. Mahediseti odula okhala ndi kodeki ya LDAC anapangidwira kukoma kwa nyimbo, amanyamula zambiri, ndipo pa liwiro sakuthandizani, nthawi zambiri ali m'gulu la ochedwa lomwelo.

Ngati muli pa Android mutha kuona kodeki yomwe ikugwira ntchito. Pitani pa About phone, dinani Build number kasanu n'kawiri, patseguka Developer options, m'menemo fufuzani Bluetooth Audio Codec mahediseti ali olumikizidwa. Muona kuti ena ndi otuwa osadinika, chifukwa kodeki imayenera kukhala mbali zonse ziwiri, mufoni ndi m'mahediseti. Apa ndi pomwe anthu amataya ndalama. Bokosi lalemba aptX Low Latency, yomwe eni ake amati imafika cha m'ma 40 ms, munthu wagula mosangalala, koma mafoni okhala nayo ndi ochepa zedi, ndiye zikalumikizana zimangogwera pa SBC mwakachetechete osakuuzani. aptX Adaptive imapezeka m'mafoni ambiriko ndipo imatchulidwa cha m'ma 80 ms, yabwinoko ndithu, koma nayonso mpaka mbali zonse zivomere. Palinso njira yatsopano ya LE Audio ndi kodeki yake LC3, yomwe inabwera ndi Bluetooth 5.2 mu 2020 ndipo Android inayamba kuilandira pa Android 13. Imeneyi inapangidwa kuti izichedwa pang'ono, koma kukhala ndi 5.2 pabokosi sikutanthauza kuti LE Audio ilimo, pafunika foni ndi mahediseti zonse zikhale nayo ndipo iyatsidwe.

Ndiye pali Game Mode, yomwe timahediseti tambiri tili nayo masiku ano, mumayatsa pogogoda khutu kangapo kapena mu apu yake. Imeneyi si bodza, imagwiradi ntchito, ndipo chomwe imachita n'chosavuta, imachepetsa nkhokwe ija. Kusiyana kumamveka. Koma nambala yomwe amalemba, 40 ms, 60 ms, kawirikawiri ndi ya mbali ya mahediseti yokha poyesedwa pabwino, siiwerengera zomwe foni yanu ndi gemu zadya kale, ndiye chomwe chimafika kukhutu chimaposa pamenepo. Ndipo poti nkhokwe yachepa, kudukaduka kumabwera msanga. Bulututhi imayenda pa 2.4 GHz, malo omwewo omwe Wi-Fi yambiri imadutsa, ndiye ngati gemu ikuyenda pa Wi-Fi ya 2.4 GHz ziwirizi zikulimbirana msewu umodzi mufoni imodzi. Rauta yanu ikakhala ndi 5 GHz samukirani kumeneko, zimathandiza phokoso ndi ping yomwe. Chinanso, pa mahediseti ambiri Game Mode imazima yokha mukawabwezera m'kabokosi, ndiye mawa mukusewera mukuganiza kuti ili moyaka pomwe ayi.

Koma amwene, chomwe chinandichotseratu pa bulututhi si kuchedwa kokha, ndi maiki. Njira yakale ya bulututhi ili pawiri. Ina ndi ya nyimbo, A2DP, imapita mbali imodzi yokha, makutu awiri aliyense zake, yomveka bwino. Ina ndi yoimbirana foni, HFP, imapita uku ndi uku koma ndi yopyapyala, makutu onse amamva chinthu chimodzi. Ziwirizi siziyenda limodzi. Ndiye pa mafoni ndi magemu ena, mukangoyatsa maiki kuti muuze anzanu kuti ali padenga, mahediseti amadumphira pa njira ya foni ija, phokoso lonse la gemu limasanduka ngati likuchokera m'chitini, ndipo kumanja ndi kumanzere kwatha. Mapazi mukuwamva inde koma ali pakati pa mutu, simungadziwe kolowera. Mukaona kuti phokoso limasintha kukoma nthawi yomwe mwadina kachizindikiro ka maiki, ndi zimenezo. Pa waya nkhani imeneyi kulibe chifukwa maiki ili ndi njira yakeyake mu chingwe, n'chifukwa chake pulagi ya mahediseti a maiki imakhala ndi timizere titatu m'malo mwa tiwiri.

Kwa amene chingwe chimawanyansa zenizeni, pali njira yachinayi yomwe anthu ambiri saidziwa, mahediseti opanda waya obwera ndi kadongolo, kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa USB-C. Foni imakaona ngati mahediseti a waya, ndipo kadongoloko kamalankhula ndi makutu pa 2.4 GHz m'chinenero chakechake chopangidwira liwiro, osadutsa mu bulututhi ya foni. Opanga amatchula manambala a m'ma 20 mpaka 40 ms, ndipo apa kusiyana ndi waya kumavuta kukumva. Kuipa kwake, ndi odulirapo, bowo la chaja latsekedwabe pokhapokha kadongolo kakhale ndi polowetsa chaja, kena sikalowa foni ili m'chikesi chokhuthala, ndipo kanthuko n'kakang'ono, kakasowa mwatsala ndi bulututhi wamba yodula.

Musangomvera ine kapena bokosi, izi mutha kuyeza nokha ndi foni yachiwiri. Lowani m'malo ophunzirira kuwombera mu gemu, sankhani mfuti yowomba chimodzichimodzi. Ikani khutu limodzi la mahediseti pafupi ndi maiki ya foni yachiwiriyo, voliyumu pamwamba, ndipo foniyo ijambule sikirini ya gemu pa 60 fps. Ombani kakhumi motalikitsa. Kenako tsegulani vidiyoyo mu apu yodulira mavidiyo yomwe imaonetsa mafunde a phokoso pansi, yendani chithunzi chimodzichimodzi, pezani pomwe moto waonekera kukamwa kwa mfuti, werengani zithunzi mpaka pomwe funde ladumpha. Chitani ndi waya, kenako bulututhi, kenako Game Mode, zonse pamalo amodzi.

Tiyerekeze kuti pa waya mwapeza zithunzi 4, pa bulututhi wamba 16, pa Game Mode 9. Musathamangire kuchulukitsa manambalawa paokha, chifukwa foni yojambulayo nayo ili ndi kakusiyana kake pakati pa chithunzi ndi mawu. Chotsani nambala ya waya, kakusiyanako kamafafanizika. 16 kuchotsa 4 ndi 12, kuchulukitsa ndi 16.7 ndi 200 ms, imeneyo ndiye yomwe bulututhi yakuonjezerani. 9 kuchotsa 4 ndi 5, ndiye pafupifupi 83 ms. Game Mode yadula yoposa theka, zoona, koma ngati bokosi linalemba 45 mwaona nokha pomwe yakafika. Yang'ananinso ngati maulendo khumi aja akufanana. Waya umabwereza pafupifupi nambala yomweyo, bulututhi nthawi zina imati 14 apa, 19 apo, ndipo kusinthasintha kumeneko ubongo sungakuzolowere. Ndikunena izi chifukwa pali anzathu omwe amati ine ndinazolowera. Kuchedwa kwa kulira kwa mfuti yako ungakuzolowere, poti ukudziwa kuti wadina. Phazi la mdani lomwe silinafike m'khutu palibe polizolowera.

Mukamayesa zimenezi onaninso tinthu tiwiri m'masetingi. Pa Accessibility pali Mono audio, ikakhala moyaka makutu onse amamva zofanana ngakhale pa waya wabwino bwanji. Ndipo zokometsera phokoso zija monga Dolby Atmos ndi zina zozungulitsa mawu, yesani kuzimitsa mumve, pa mafoni ena zimasokoneza komwe phazi likuchokera m'malo mothandiza. Komanso, musaseke, onani ngati L ali kumanzere. Ndinasewerapo magemu atatu athunthu nditavala mopingasa, ndikutembenukira kukhoma nthawi iliyonse munthu akubwera pakhomo.

Ine ndinaima apa. Gemu ya ranki, kapena iliyonse yomwe ndikulankhula ndi gulu, ndi waya, ndipo foni yopanda kabowo ndi kaadaputa ka DAC. Kadongolo ndi wachiwiri, kwa munthu yemwe ndalama ilipo ndipo chingwe sachifuna. Bulututhi ya Game Mode ndimaivomera pa kusewera kongocheza, maiki itazimitsidwa, Wi-Fi ili pa 5 GHz. Bulututhi wamba ndimaivula gemu isanayambe. Timahediseti tanga tokongola tija tilipobe, ntchito yake ndi nyimbo, ndipo chingwe cha pulagi yokhota chimakhala chokulungidwa pafupi ndi chaja, ichi ndi chachiwiri chifukwa choyamba chinazima khutu lakumanzere.